Kamera ya Pakauntala

Ndinkagulitsa m'sitolo ya mbewu ndi feteleza pa Chongwe pamene mwini wake anabwera ndi makamera awiri ochokera ku Lusaka. Anamata chidziwitso pakhomo: imodzi yayang'ana kauntala, ina khomo la kumbuyo kotulukira matumba, chifukwa katundu ankasowa. Kuchimbudzi kulibe kamera, mawu sajambulidwa, ndipo tepi aziionera yekha Loweruka.

Mlongo wanga anali atamwalira, n'kundisiyira khanda. Ndinkaligoneka m'katoni pansi pa kauntala, abwana osadziwa. Ndinawerenga chidziwitsocho. Nanga mwanayu ndikamusiya kwa yani? Ntchito ikatha tidya chiyani?

Sabata yonse ndinkawerama ngati ndikutola ndalama yagwa, n'kumupatsa botolo. Akalira ndinkakweza wailesi, ngati kuti kamerayo ili ndi makutu.

Lolemba abwana anandiitana.

"Tepi ionetsa muwerama tsiku lonse. Mubisa chani pansi paja?"

Ndinagwada. "Ba bwana, bwelani muone mweka."

Anasuzumira m'katonimo, naona khandalo.

"Nenze kufuna kawalala wamene akuba matumba ine," anatero. "Manje uyu nizamucita bwanji?"