Dimba la Kunsi la NyaZimba

Ku Mphamba, zaka zija munthu ankayamba wafufuza kadi ya chipani asananyamule dengu kupita kumsika, kunali mayi wina dzina lake Faides, koma onse ankangomuti NyaZimba. Sanali wokongola, ndipo kwaya ya kutchalitchi inamupirira kwambiri. Chake chinali matimati. Zaka khumi ndi ziwiri anathira ndowe za ng'ombe pa dimba lake la pamtunda, akusenza madzi kuchokera kudambo mpaka khosi kuuma. Mwezi wa Juni, anzake ali manja lende, iye ankathyola. Mwamuna wake, Danwell Jere, munthu wouma pakamwa, ankamuyamikira pa chinthu chimodzi chokhachi, ndipo NyaZimba ankakhalira mawu amenewo.

Kenaka a Jere anakwatira mkazi wachiwiri, Lilly, wochokera ku Kasungu. Anamupatsa malo kunsi kwenikweni kwa dambo: dothi lakuda, madzi ongokumba ndi khasu kawiri. NyaZimba nsanje inamugwira mpaka kumulanda tulo. Iye khosi linapindika ndi ndowa, mnzake angowerama n'kutunga?

"A Jele, malo aja mundipatse ine," anatero tsiku lina. "Wamkulu ndine."

"Kuja n'kwa lepu na kabichi, NyaZimba," anayankha mwamunayo. "Usiku kukakhala zii, kopanda mphepo kapena mitambo, nthaka imazizila, mpweya wa pansi nawo uzizila. Wozizilawo ni wolemela, utsika mtunda monga madzi, ukaunjikana kudambo. Sunaone nkhungu m'mawa pamene igona? Matimati sapilila chisanu."

Zonsezi NyaZimba ankazidziwa. Miyendo yake yomwe inkamuuza, pakuti akatsika mbandakucha kukatunga, kuzizira kunkayambira m'akakolo pamene mutu usanamve kanthu. Koma tsiku limenelo anangomva chimodzi: mwamuna akutchinjiriza Lilly. Anasiya kulankhula sabata yathunthu, mpaka a Jere anagonja.

Lilly sanakane. "Tengani, amama, ine nizakwela," anatero. Kuvomera msanga kumeneko nakonso kunamuwawa NyaZimba, poti ankafuna kumuona akulira.

Anawokera matimati mu Epulo, ndipo anakula mochititsa kaso. Poopa ng'ombe zodzamwa madzi, komanso maso a anthu, anamanga mpanda wa udzu wothithikana mbali yakunsi, wotalika kuposa munthu. A Jere ataona anapukusa mutu.

"Wamanga damu," anatero. "Kuzizila kukatsika kuzatulukila kuti? Siya mipata pansi."

"Kauzeni wanu uja," anayankha NyaZimba.

Juni atafika pakati, tsiku lina mphepo inaleka madzulo, mitambo yonse n'kuyera. M'mawa mwake NyaZimba anapeza dimba lake lili mbuu, ngati wina wawaza ufa. Dzuwa litakwera, masamba anafota n'kuda ngati athiridwa madzi owira. Kuyambira kumpanda mpaka kumzere womaliza sipanatsale ngakhale tsinde limodzi.

Anakweza maso. Kumtunda kuja, mtunda woti munthu akaitana amamveka, matimati a Lilly anali biriwiri, mame okhaokha. Mpweya wozizira unangodutsa pamenepo osaima, n'kudzagona kwa iye. Ndipo kumtundako dothi linali lake lomwe, ndowe zake zomwe. Analira ndi mkwiyo, osati chisoni.

Kupempha kuti abwererenso kunali kosatheka. Mudzi wonse unamva mmene analimbira posinthanitsa. Choncho ankangodutsa m'mbali mwa dimba lakale, akuyang'ana cham'mbali. Zimene ankaonazo zinamutopetsa. Lilly anakulira m'minda ya fodya, za matimati sankazidziwa: mitengo yochirikiza sanazike, nthambi za m'khwapa osathyola, zipatso zili gone pamatope.

Anapirira masiku anayi. Tsiku lachisanu analowa m'dimbamo.

"Iwe, matimati sachita tele. Bweletsa luzi."

Lilly anathamanga kukatenga. Kuyambira pamenepo NyaZimba ankafika m'mawa uliwonse, akumanga, akuthyola, akukalipa. Ankadziuza kuti akuchitira dothi lake, osati mtsikanayo. Mtima unkamutentha pa chipatso chilichonse chimene chinkapsa, koma manja sankamumvera.

Mu Ogasiti kunabwera mayi wina wogula zamasamba kuchokera ku boma. Anatola limodzi mwa matimatiwo, nalitembenuza, nati, "A Jele, chaka chino mwaposa. Walima ndani?"

NyaZimba anali chiimire pomwepo, zala zili zobiriwira ndi utomoni wa masamba. Anadikira.

"Ni dimba la Lilly," anatero a Jere, akumangirira dengu panjinga. "Mwana uyu ali na dzanja."