Khoma la Alamu Anga Abulashi

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, anakhala moyo wawo wonse akulemba zikwangwani, mpaka dzina lawo lenileni linaiwalika. Aliyense amangoti Abulashi. Mashopu a mumsewu wathu, kuyambira kometera tsitsi mpaka kogulitsa nyama, anavekedwa ndi dzanja lawo. Koma dzanjalo linayamba kunjenjemera, ndipo zilembo zinayamba kuyenda ngati zaledzera. Iwo ankati vuto ndi penti wa masiku ano. Ine sindinkatsutsa, chifukwa ndimawakonda ngakhale ali ndi makani.

Tonse timagwira ntchito pa shopu yosindikiza. Ine ndimakhala pa kompyuta, iwo pa benchi yapakhomo. Tsiku lina mwini shopu anandiuza poyera kuti benchiyo ichoka, akufuna kuikapo makina okopera mapepala. Alamu anamva, nkumapukuta bulashi youma kale.

Sabata yomweyo kunabwera mayi wogulitsa nyale za sola, nyale yake ili m'manja. Ankafuna chithunzi chotsatsira malonda: nyumba yakumudzi usiku, yowala motenthetsa mtima. Masiku ano zotere sitijambula pamanja. Umalemba mawu ofotokoza zomwe ukufuna, kompyuta nkukupangira chithunzi. Ndinalemba mwachidule momwe mayiyo ananenera. Chinatuluka chinyumba ngati hotela, mazenera onse ali ngwee, mwezi uli phaa kumwamba.

"Ndi mwezi woterewu, nyale yanga agule ndani?" anatero mayiyo.

Ndinawonjezera kuti pasakhale mwezi kapena mawaya a magetsi. Kompyuta inangomva za mawaya, nkuwaika. Kenaka ndinapempha kuwala kwachikasu, ndipo chithunzi chinakongoladi, koma mayiyo anayatsa nyale yake patebulo. Inawala moyera mbee.

"Akagula nkupeza kuti si yachikasu, abwera kudzandibwezera. Ine bodza ayi. Koma yoyerayi pachithunzi imaoneka ngati m'chipatala."

Ananyamula chikwama kuti akayese kwina. Apo mpamene alamu anadzuka pa benchi.

"Mlamu, inu mukuuza makinawo zomwe simukufuna. Munthu ukamutuma umamuuza zoti agule. Lembani zomwe ndinene."

Ndinawayang'ana ndi diso loti musandichititse manyazi, koma ndinaika zala pamabatani. Iwo anatsinzina nkuyamba, ine ndikutembenuzira m'Chingerezi.

"Nyale ikhale imodzi yokha, yoyera, yopachikidwa pa mtanda wa denga. Kuwala konse kuchokere pamenepo. Ife tiime panja, tikusuzumira pakhomo lotsegula. Kunja mdima wabuluu, nyenyezi zochepa. Khoma la m'kati likhale lozira ndi dothi lofiira. Pansi mphasa, pamphasapo mayi akusoka, mwana wagona pamwendo pake. Kuwala kutayikire pakhonde pang'ono. Padenga kagalasi ka sola, kakang'ono ngati buku."

"Nanga kutentha kuja kuchokera kuti?" anafunsa mayi wa nyale.

"Kukhoma, mayi. Kuwala koyera kukamenya dothi lofiira kumabwerako kutafunda. Nyumba yomwe ndinakwatiramo inali yotero. Tinalibe kanthu, koma aliyense wolowa ankati muno ndi mwabwino."

Chithunzi choyamba chinabwera mayi wosoka uja ali ndi zala zisanu ndi chimodzi. Alamu anati ameneyo ndiye telala weniweni, koma tinabwereza. Chachiwiri nyale inasanduka ya palafini, ndiye tinafotokoza maonekedwe ake bwinobwino: yapulasitiki, yozungulira, chogwirira pamwamba. Chachitatu ndiye chinatuluka bwino. Nyale yoyera, khoma lofunda, mdima utazungulira nyumba. Alamu analamula kuti kumwamba kusiyidwe malo opanda kanthu, dzina la malonda ndiliike ndekha pambuyo pake, poti makinawa zilembo amazipotoza nthawi zina.

"Ngati ine," anatero, akuonetsa dzanja lawo. Aka kanali koyamba kuvomera, ndipo mtima unandiwawa.

Mayi wa nyale anakhala pansi nkuvula chikwama paphewa. Anati akufunanso china cha msika ndi china cha khola la mbuzi, koma mawu ake anene bambo omwewa.

M'mawa mwake ndinapeza benchi yachoka pakhomo, makina okopera ataima pamalo pake. Ndinapsa mtima, ndinalowa mkati nditakonzeka kukangana ndi mwini shopu. Benchi ija inali pambali pa mpando wanga, moyang'ana kompyuta. Alamu anali atakhalapo kale, manja ali m'thumba, malaya osita opanda dontho la penti.

"Mwachedwa, mlamu," anatero. "Khalani pansi, mbuzi zikutidikira. Ndipo sunthani pang'ono, mukunditchinga."