Mzere Umene Chigomezgo Anakana Kufufuta

Chigomezgo ndi mlonda wa mafulati kudera lotchedwa Point, munthu wodana ndi zolembalemba. Koma achifwamba atabaya mnzake Saulosi pageti dzuwa likuswa mtengo, lipoti analemba ndi iyeyo, magazi asanaume pamalaya.

Manejala wawo analibweza litafiira ndi inki. Zofupikitsa ziganizo Chigomezgo anavomera, zosanja nkhani bwino anavomeranso. Pamene panangolembedwa kuti "konza apa" Chigomezgo anafunsa chokonzacho.

Koma mzere wonena kuti wailesi yoitanira thandizo inali yakufa unali utakhwatchidwa. Chigomezgo analemba pambali pake kuti, "Uwu usachoke. Saulosi anaitana, palibe anamva."

Manejala anamuwomba mbama mpaka mlomo kung'ambika. Chigomezgo analavula magazi, n'kusaina lipotilo mzere uja uli momwemo.