Foni ya apongozi inatsogola zaka zitatu

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito pa kampani ina yosunga katundu ku Makata. Dzina la ntchito linali lalikulu, woyang'anira makompyuta, koma kwenikweni ndinali munthu woitanidwa pulinta ikatafuna pepala. Chibwenzi changa, amene lero ndi mayi wa ana anga, ankakhala ndi makolo ake ku Chinyonga, ndipo bambo ake sankandifuna. Sanandinenepo choipa ayi. Ndikawapatsa moni ankangondiyang'ana kuyambira kunsapato, n'kudzathera pa lamba, osafika kumaso.

Anali munthu wa ku Nsanje, wamtali, wosaseka wamba. Moyo wawo wonse anagwira ntchito pageti ya fakitale, kuona zitupa za antchito ndi kubweza ochedwa. Atapuma anakhala mkulu wa mpingo, ndipo anthu ankati mpingowo anausandutsa geti. Ulaliki wawo wotchuka unali wa magemu a pafoni. Ankati Satana masiku ano sabwera ndi nyanga, amabwera ndi tchaja. Zidzukulu zawo zikabwera kudzacheza, mafoni ankatsala pamwamba pa kabati mpaka nthawi yotsanzika.

Ndiye ine, pofuna kudzigulira malo, ndinawagulira foni ya tachi. Anzanga a ku ntchito anandiletsa, amvekere apongozi umawagulira jekete, chifukwa jekete siifuna kukonzedwa. Sindinamve. Ndinawaphunzitsa kutsegula masamba a pa intaneti, la nyuzi, la zotsatira za mpira ndi lina la mawu a tsiku ndi tsiku. Za magulu ochezerana anakana, anati m'menemo ndi mwa miseche. Miyezi inadutsa bwinobwino, mpaka tinagwirizana kuti amalume anga abwere kuchokera ku Chikwawa kudzakamba za ukwati.

Kutatsala sabata imodzi, Loweruka masana, chibwenzi changa anandiimbira akunong'ona.

"Bwera msanga. Adadi akuti m'foni unawapatsa ija muli akuba."

Ndinakwera minibasi mtima uli m'mwamba. Ndinawapeza pabalaza atakhala ngati bwalo la milandu: bambo pampando wawo, mayi pambali akusankha nyemba m'lichero, chibwenzi changa chili chiimire pakhomo la kukhitchini. Foni inali patebulo, yokha, ngati mboni. Sanandiuze kuti ndikhale, ndiye ndinanjuta pafupi ndi tebulolo.

"Inu a makompyuta," anatero bambo, "tawerengani apo."

Anali atatsegula tsamba la nyuzi. M'malo mwa nyuzi panali chenjezo la m'Chingerezi, ndi kachizindikiro kofiira. Linkati kulumikizana kwanu si kotetezeka, satifiketi ya tsambali ili ndi vuto, ndipo mwina pali anthu amene akufuna kuba zinsinsi zanu. Mafoni ambiri a masiku ano amanena mosabisa kuti wotchi yanu yatsogola kapena yatsalira. Yawoyo sinkanena zimenezo, inkangoopseza.

"Linayamba ndi la mpira," anapitiriza. "Ndinati mwina afa nalo eni ake. Kenako la mawu. Tsopano la nyuzi. Akungotseka limodzi limodzi ngati mashopu a mu Limbe dzuwa likamalowa. Ndafunsa mkulu mnzanga ku tchalitchi, wandiuza kuti anyamata odziwa makompyuta amaika tizinthu m'foni kuti azimvetsera za m'nyumba mwa eni. Foniyi anaigwira ndani musanandipatse?"

"Ndine, bambo."

"Ndiye amalume anu asavutike kukwera basi."

Ndinaopa zenizeni, chifukwa munthu ameneyu akanena chinthu sankabweza, ndipo mwana wawo sakanakwatiwa popanda mawu awo. Ndinapempha ndi manja awiri kuti ndiione foniyo. Anaikankha ndi chala chimodzi.

Kuntchito ndinali nditaliwonapo vutoli pa makompyuta akale, ndiye ndinapita kaye pamene pamakhala tsiku ndi nthawi. Ola linali lolondola mpaka mphindi yake, monga mmene munthu wa pageti angafunire. Koma kabatani kouza foni kuti izitenga tsiku kuchokera ku netiweki kanali kothimitsa, ndipo chaka chinali chitatsogola ndi zaka zitatu. Ife tinali tisanakwatirane n'komwe, koma m'foni muja mwana wathu woyamba akanakhala akuyenda.

Mtima unakhala pansi. Ndinayamba kufotokoza, mwaulemu koma ndi kamatama pang'ono, pajatu mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

"Bambo, mulibe wakuba muno. Tsamba lililonse lotetezeka limakhala ndi chitupa chake, chimene amachitcha satifiketi. Chimanena kuti tsambali ndi lenileni, ndipo chimakhala ndi tsiku loyambira ndi tsiku lothera, ngati zitupa za pageti zija. Foni isanakulowetseni imayang'ana masiku awiriwo, n'kuyang'ananso kalendala yake. Ilibe kwina kofunsa, imakhulupirira kalendala yakeyo basi."

"Chitupa chotha ntchito sichilowa," anatero bambo, mawu a pageti atabwerera. "Angakhale mwana wa bwana."

"Ndi momwemo. Ndiye taganizani mlonda amene kalendala yake yathamangira kutsogolo. Aliyense wobwera ndi chitupa chabwinobwino, iye aona ngati chinatha kalekale. Foni yanuyi ikuganiza kuti tili zaka zitatu kutsogolo. Zitupa za masamba aja zimatha masiku osiyanasiyana, n'chifukwa chake amatsekeka limodzi limodzi pamene tsiku la m'foni limadutsa tsiku lothera la chilichonse. Ikanatsalira m'mbuyo ikanakananso, ikanati chitupachi sichinayambe kugwira ntchito."

Ndinayatsa kabatani kaja. Chaka chinabwerera pamalo pake. Ndinatsegulanso tsamba la nyuzi, ndipo nyuzi inabwera yonse, ndi chithunzi cha nduna ikudula riboni. Chibwenzi changa anapuma mpweya umene ndinaumva ndili patebulo.

Apa m'pamene mayi analankhula koyamba, maso ali pa nyemba.

"Nanga tsikulo analisuntha ndani?"

Funso limenelo ndinali ndisanaliganizire. Ndinadina pamene pamaonetsa zimene zatsegulidwa posachedwa, ndipo kuseri kwa nyuzi kunatulukira gemu. Inali ija yolumikiza zipatso zofanana zitatu kuti ziphulike. Levulo imene bambo anafikapo inali yoti mlembi wa ku ofesi kwathu, amene ankasewera kuyambira m'mawa mpaka poweruka, akanaigwadira. Ndinamvetsa zonse nthawi yomweyo. Gemu imeneyi imakupatsa miyoyo yochepa, ikatha umadikira kuti ibwerere. Koma ukasuntha tsiku la foni kupita mawa, gemuyo imaganiza kuti wadikira, n'kukudzazira miyoyo. Ochenjera amabweza tsikulo akatha. Bambo sankabweza. Tsiku ankaliona pa kalendala ya tchalitchi ya pakhoma, nthawi pa wotchi ya pamkono, ndiye la m'foni linali longokankha, mawa, mawa, mawa, kangapo patsiku.

Ndinadzutsa maso. Kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni, bambo ankandiyang'ana kumaso. Nkhope inali yomweyo ya mkulu wa mpingo, koma chala chawo chinkagogoda pa bondo, ndipo ndinawamvera chisoni. Ndikanangotembenuza foniyo kuti mayi aone, mlandu wanga ukanatheratu pomwepo. Koma pofika Lamlungu nkhaniyo ikanakhala itafika kwa zidzukulu, ndipo Lolemba Chinyonga yense.

"Mafoni amasokoneza tsiku nthawi zina, mayi," ndinatero, "makamaka batire ikachotsedwa."

"Koma ikatero imabwerera m'mbuyo," anatero chibwenzi changa kuchokera pakhomo paja. "Unandiuza wekha. Siipita kutsogolo."

Mkazi wanga ndi munthu wokumbukira zinthu, ndipo khalidwe limeneli ndakhala nalo m'nyumba mpaka lero. Ndinamuyang'ana ndi diso lopempha, iye n'kumandiyang'ana ngati wandithandiza.

"Ndiye kuti ndine ndinalakwitsa," ndinatero. "Pomwe ndinkawapatsa bambo foniyi ndinayenera kuonetsetsa kuti kabatani ka tsiku n'koyatsa komanso kuwafotokozera ntchito yake. Sindinatero. Pepani."

Theka lake linali loona, za kufotokozazo. Bambo anatsokomola, n'kukhala tsonga. Kenako anandilalikira. Anati vuto la achinyamata a masiku ano ndi kuchita zinthu mothamanga. Anati munthu amene sangasamale kabatani kamodzi angasamale bwanji banja. Anatchulapo ndi vesi. Ine ndili chinjutire, miyendo itachita dzanzi, ndinkangoti, "Zoona, bambo. Ndamva, bambo." Pamapeto anati poti ndavomera kulakwa, iwo si munthu wosunga mangawa.

Mayi anapeta nyemba zawo kawiri, n'kunena osayang'ana munthu:

"Chabwino. Ine ndimaganiza kuti mwina ndi zipatso zimaphulika kuchimbudzi zija."

Mayi ananyamuka ndi lichero lawo kupita kukhitchini, ndipo mapewa awo ankagwedezeka.

Nditatsanzika, bambo anati andiperekeza. Chibwenzi changa anatsegula pakamwa, chifukwa munthu ameneyu ngakhale abusa ankawaperekeza mpaka pakhonde pokha. Tinatsika kanjira ka kumsewu, iwo patsogolo manja kumbuyo, ine pambuyo ngati mbuzi yopita kumsika. Titadutsa pa mayi wina wogulitsa makala, bambo anayang'ana uku ndi uku, n'kutulutsa foni m'thumba la malaya. Anatsegula gemu ija okha, mwachangu, ndi chala chozolowera.

"Tawonani chimene mwachita."

Miyoyo inali itatha. Pansi pake, pamene pamalembedwa mphindi zoti udikire, panali nambala yaitali yosakwana m'kabokosi kake. Gemuyo inkakumbukira tsiku lomaliza limene anasewera, ndipo tsikulo tsopano linali zaka zitatu kutsogolo. Inkawauza kuti adikire mpaka tikafikeko.

"Ndikasunthanso tsiku?" anafunsa motsitsa mawu.

"Nyuzi itsekekanso, bambo. Ndi mawu a tsiku ndi tsiku omwe."

"Nanga kuichotsa n'kuikanso?"

"Mwina muyambira pa levulo yoyamba."

Anaima chilili, akuyang'ana zipatso zawo. Minibasi inaima patsogolo pathu, kondakitala akukuwa za Limbe, koma bambo anaibweza ndi dzanja ngati wantchito wochedwa. Ndinaona kuti akulimbana ndi chinthu chachikulu mumtima, ndipo ndinaluma mlomo kuti ndisaseke, chifukwa ukwati wanga unali usanachoke m'manja mwawo.

"Pali njira?" anatero.

"Ndikafufuza, bambo."

Anabweza foni m'thumba, n'kukonza kolala.

"Amalume anu muwauze abwere Loweruka, asachedwe. Koma inu, akamwini, mubwere Lachisanu. Nokha. Mayi anu amakhala ali ku mapemphero."