Chingwe cha Mitu Iwiri

Nthawi imene ndinkagwira ntchito yoombola katundu pa boda ya Mchinji, mapepala onse a mathiraki ndinkawasunga mu hadi dilaivi, kabokosi kolumikiza ku kompyuta. Chingwe chake chinali ndi mitu iwiri mbali yolowetsa ku kompyuta. Pozolowera za madalaivala, ndinkayesa kuti mutu winawo ndi sipeya ngati tayala, ndiye ndinaupinda n'kuumanga ndi mphira.

Pa kompyuta yanga yakale zinkayenda bwino. Koma tsiku lina nditakalumikiza ku laputopu ya abwana, kanangoyamba kulira kuti tswii, tswii, osatseguka, uku dalaivala wa ku Chipata ali pakhomo kudikira mapepala ake. Ndinapsa mtima. Kwathu wailesi ikavuta timaipatsa khofi, choncho ndinakweza dzanja.

"Achimwene, musayerekeze!" anakuwa mayi wokonza makompyuta wa ofesi yoyandikana nafe. Analowa n'kutchera khutu. "M'katimu muli kambale kozungulira ndi kasingano kowerenga. Kulira kotereku kawirikawiri ndi njala: moto ukuchepa, kambale kakulephera kuzungulira. Koma kakamagogoda kuti kho, kho, moto uli wokwanira, ndiye kuti kasingano kavulala, muzimitse msanga. Mukakamenya, mwakamaliza."

Anamasula mphira ija n'kulowetsa mitu yonse iwiri, akuti mutu wachiwiriwo si sipeya koma wowonjezera moto. Kabokosi kanang'ung'udza pang'ono, mapepala onse n'kuoneka.

Dalaivala uja anaseka mpaka kutsamira chitseko. Polandira mapepala ake anandifunsa kuti, "Bwana, kwanu kuno wantchito mumamumana chakudya, ndiye akalira mumumenyenso?"