Zitseko za Anyalongwe

Ku Tukombo mukafunsa za a Queen Longwe anthu adzakuyang'anani, koma mungoti Anyalongwe, aliyense adzakulozerani kusukulu ya pulaimale. Aphunzitsa Sitandade 6 kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo digiri anaiyamba ali ndi imvi kale, kumaphunzira patchuthi anzawo akupuma.

Kafukufuku wawo anali wofuna kudziwa chifukwa chimene atsikana amajombera kusukulu. Anafunsa ana makumi anayi ndi aphunzitsi asanu ndi atatu, ndipo mayankho onse anawaika m'chaputala chachinayi: kuyanika usipa, kusenda chinangwa, kutalika kwa mtunda. Chinatsala ndi chaputala chachisanu, chomangira mfundo ndi kupereka malangizo. Kunatsala sabata imodzi yokha kuti tsiku lopereka buku la kafukufukuyo likwane! Kuphonya tsikulo kunali kudikira chaka china.

Ndiye kunabwera Estere, mnzawo wa kwaya, ali ndi dengu pamutu.

"Anyalongwe, mukuvutikiranji? Mwana wanga akakhala kumwezi sapita. Zimbudzi zanuzo zilibe zitseko."

Zaka zonsezi Anyalongwe akudutsa pamenepo, koma pamafunso awo panalibe ngakhale limodzi la chimbudzi! Anachita manyazi, kenako anapsa mtima, n'kulemba masamba awiri amoto. Anawatumiza pafoni kwa a Dokotala Mhone, owayang'anira pakafukufukuyo.

Foni inalira tsiku lomwelo.

"Amayi, za zitsekozi zili patsamba liti m'chaputala chachinayi?"

"Palibe, adokotala. Koma ndi zoona!"

"Sindikukana. Koma chaputala chachisanu sichilandira mlendo. Malangizo alionse azichokera pa zimene munapeza. Mukazisiya mommo, oyesa mayeso akubwezerani bukuli."

Anyalongwe si munthu wogonja msanga, funsani aliyense wa m'kwaya. Masiku awiri anayenda akung'ung'udza. Tsiku lachitatu anafufuta masamba aja, mtima ukuwawa, n'kuyambiranso. Funso lililonse la kafukufuku analiyankha ndi zimene ana aja ananena. Pa za usipa analangiza komiti ya sukulu kuti ikambirane ndi makolo nyengo isanafike. Zitseko anazipatsa mzere umodzi kumapeto: kafukufukuyu sanafunse za zimbudzi, ndipo wofufuza wina adzazione.

Patsiku loteteza bukulo, woyesa wina wa magalasi anayamba kutokosa.

"Langizo lachiwirili mwalitenga kuti?"

"Tsamba 47, bwana."

"Nanga lachitatu?"

"Tsamba 52, tebulo lachisanu ndi chimodzi."

Bamboyo anatsegula, anapeza zilipo, n'kungogwedeza mutu. Ee, tinanyadira ife a ku Tukombo!

Koma mukawafunsa eni ake za gauni ya digiri, amakugwirani dzanja n'kupita nanu kuseri kwa makalasi. Atangotumiza buku lija anaitanitsa komiti, makolo anabweretsa matabwa, kalipentala anakhoma. Zitseko zinayi, zokhala ndi loko wamkati.

"M'buku munalibe malo," amatero akugogoda chimodzi. "Koma mwana wa Estere temu ino sanajombe."