Kalata yopempha banki kuti isinthe kabwezedwe ka ngongole

Chaka chimene anatidula malipiro ku kampani yogula mbatata ku Biriwiri, ine ndinali ndi ngongole ku banki ya pa Boma. Ndinaitenga kuti ndimalizire nyumba, ndipo chikole chinali poloti yomweyo. Banki inkadula K95,000 mwezi uliwonse malipiro akangolowa. Atatidula, zotsala sizinkakwana ngakhale thumba la chimanga ndi thiransipoti.

Ndinachita zimene wamantha aliyense amachita: ndinabisala. Ndinapempha akalaliki a kuntchito kuti azindipatsa malipiro pamanja, banki ipeze mu akaunti muli mbee. Miyezi iwiri inadutsa. Foni ikalira ndinkaopa kuyankha, ndipo galimoto yachilendo ikaima pamsewu ndinkaona ngati abwera kudzalemba nyumba. Mkazi wanga sindinamuuze. Ankadzala maluwa pakhonde, ine ndikumuyang'ana ngati wakuba.

Amene anandigwira ndi bambo wina wa golosale ku Manjawira, mnzawo wa malemu bambo anga. Nditawaululira anati:

"Mwana wanga, wathawa mvula walowa m'madzi. Banki siopa munthu wosauka, imaopa munthu wosowa. Lemba kalata, unene zimene ungathe."

Ndinailembera pa kauntala yawo. Ndinatchula nambala ya ngongole, malipiro akale ndi atsopano, ndi kupempha kuti ndizibweza K60,000 pamwezi, nthawi italikitsidwe. Poyamba ndinalemba K80,000 kuti ndioneke munthu. Iwo anati, "Ukufuna kunama kawiri?" Ndinafufuta. Ndinaphatikiza kalata ya abwana yotsimikiza kudulidwako ndi mapepala a malipiro a miyezi itatu.

Ku banki ndinadikira pabenchi. Mayi woona za ngongole anawerenga, nayang'ana pa kompyuta.

"Bambo, malipiro anu anasiya kulowa kuno. Munawapititsa kuti?"

Ndinafuna kunamizira kuntchito, koma pakamwa panakana. "Ndinkaopa, mayi. Ndinkalandira pamanja."

"Mukanabwera mwezi woyamba, bwenzi zili zophweka. Pano pali chilango cha kuchedwa, dzina lanu linapita kale ku mbiri ya obweza mochedwa, ndipo fayilo yanu Lachisanu ikanapita kwa otolera ngongole."

Linali Lachitatu.

Anati kalatayo aitumiza ku likulu, koma malipiro abwerere ku akaunti, ndipo ndidziwe kuti kutalikitsa nthawi kukweza chiwongoladzanja chonse. Ndinavomera msangamsanga.

Yankho linabwera patatha milungu itatu, milungu imene ndinaonda ngati wodwala. Anavomera K65,000, ndi chaka china chowonjezera. Koma pepala latsopanolo linafunanso siginecha ya mkazi wanga, poti polotiyo tinalembetsa tonse.

Ndinamupeza akuthirira maluwa aja. Anawerenga mpaka pansi, osathamanga, kenaka anapukuta manja pachitenje nasaina.

"Banki mwaiuza zoona," anatero. "Ine munkadikira kuti ndimve kwa ndani?"